Chimene mbuzi imafuna pamwamba pa khoma

Aliyense amene anasungapo mbuzi kuno ku Lusaka, kaya kuseri kwa nyumba mu komboni kapena pa puloti cha ku Chongwe, amadziwa kuti ukaunjika mabuloko pabwalo m'mawa, pofika madzulo upeza mbuzi itaima pamwamba pake. Bwalo likhoza kukhala lalikulu, udzu ulipo, madzi alipo, koma iyo isankha pamuluwo. Mabulokowo akakhala pafupi ndi mpanda, mawa lake uipeza ikuyenda pamwamba pa khoma, ndipo khomalo likagundana ndi khola la nkhuku, uimva ikugogoda malata. Anthu ambiri amangoti mbuzi ndi yosamva, ena amati ndi yopusa. Ine sindivomereza zonse ziwiri. Mbuzi ikakwera imakhala ikufuna chinthu chenicheni, ndipo woweta amene wazindikira chinthucho amasiya kulimbana nayo tsiku ndi tsiku.

Mbuzi zonse zoweta, kuyambira timbuzi tating'ono ta ku Gwembe mpaka zikuluzikulu za mtundu wa Boer, zinachokera ku mbuzi yakuthengo ya m'mapiri imene akatswiri amaitcha Capra aegagrus. Mpaka lero ikupezekabe m'mapiri a ku Turkey ndi Iran. Anthu anayamba kuiweta zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo mafupa ena akale kwambiri osonyeza kuti mbuzi zinkawetedwa anapezeka pamalo otchedwa Ganj Dareh, m'mapiri a Zagros ku Iran. Kumeneko ndi dziko la matanthwe ndi maphompho, komwe kunali mimbulu ndi akambuku. Pamalo athyathyathya mbuzi ilibe liwiro loti n'kusiya mmbulu m'mbuyo. Chimene inkachita bwino kuposa adani ake chinali kukwera pamalo pamene wouthamangitsa sangaime. Mbuzi imene inkathawira pathanthwe inkapulumuka n'kubereka, ndipo ana ake anatengera miyendo yomweyo ndi mtima womwewo.

Kuweta kunasintha zambiri. Kunasintha mtundu wa ubweya, kukula kwa thupi, kuchuluka kwa mkaka, kutalika kwa makutu. Koma oweta ambiri sankasankha mbuzi zawo chifukwa choti sizikwera, motero khalidweli linangodutsa mibadwo yonse osakhudzidwa kwenikweni. Tsono mbuzi yotereyi taibweretsa ku Lusaka, mzinda womangidwa pamalo okwera koma osalala, opanda maphompho. Zimene zatsala zoti ikwere ndi chulu, mulu wa miyala yophwanya, dilamu la madzi, galimoto yakufa, khoma ndi denga.

Kuti munthu amvetse momwe imaimira pakhoma lopapatiza, ndi bwino agwire mwendo wa mbuzi n'kuyang'ana chiboda chake chapansi. Chibodacho n'chogawanika pawiri, ndipo zala ziwirizo zimayenda chilichonse pachokha. Zimatha kutanuka mbuzi ikamatsetsereka, kuti zigwire malo ambiri, ndipo china chikhoza kuponda pamwamba pang'ono pomwe chinzake chili m'munsi. M'mphepete mwa chala chilichonse muli khoma lolimba lopyapyala limene limakola m'timing'alu ta mwala kapena m'mzere wa simenti wa pakati pa mabuloko. Mkati mwake muli chidendene chofewa, chimene chimabonyera ukachisindikiza ndi chala, ngati soli ya nsapato ya labala. Cholimbacho chimakola, chofewacho chimamatirira. Kumbuyo kwa mwendo, pamwamba pang'ono, kuli tiziboda tiwiri tating'ono timene sitiponda pansi ikamayenda pabwalo, koma timathandiza kuigwira ikamatsika pamalo otsetsereka kwambiri.

Thupi lake nalonso n'lopapatiza, miyendo ili moyandikana. Buloko wa mainchesi sikisi, amene amamangira mipanda yambiri kuno, ndi wa masentimita 15 m'lifupi, ndipo kwa mbuzi yachikuda malo amenewo ndi okwanira kuyendapo ziboda zonse zinayi zitandandalikana mumzere umodzi. Ikhozanso kusonkhanitsa ziboda zonsezo pamalo aang'ono kwambiri n'kutembenuka. Ng'ombe singachite zimenezi chifukwa cha kulemera, ndipo nkhosa, ngakhale kuti makolo ake nawonso anali a m'mapiri, simakonda kusiyana ndi gulu kuti ikayese yokha malo achilendo.

Kutha kukwera pakokha sikufotokoza chifukwa chimene imafunira kukwera. Chachikulu ndi maso. Mwanadiso wa mbuzi si wozungulira ngati wathu, ndi wautali chopingasa, ndipo masowo ali m'mbali mwa mutu. Motero imaona pafupifupi mbali zonse nthawi imodzi, madigiri oposa 300, kungotsala kampata kakang'ono kumbuyo kwenikweni. Mu 2015 gulu la Martin Banks wa ku yunivesite ya California ku Berkeley linalemba kuti nyama zodya msipu ngati mbuzi ndi nkhosa zikaweramitsa mutu kuti zidye, maso ake amazungulira m'malo mwake kuti mwanadisoyo akhalebe chopingasa, molingana ndi nthaka. Mukhoza kudzionera nokha mbuzi yanu ikamadya. Diso lotere linapangidwira kulondera malo otambalala, kuona chilichonse chimene chikusuntha chapatali.

Tsono ganizani za mbuzi imene ili m'bwalo lotchingidwa ndi khoma la mamita awiri mbali zonse zinayi. Ikumva agalu akuuwa kunja, ana akuthamanga, geti la aneba likulira, koma sikuona kanthu. Kwa nyama imene moyo wake umadalira kuona mdani asanafike, malo amenewo ndi osautsa. Ikaima pamwamba pa khoma iona msewu wonse, ndipo nthawi zambiri mudzaipeza itangoima phee kapena itagona ikubzikula. Mbuzi imene ili ndi mantha sibzikula, choncho kubzikula pamwamba pa khoma ndi chizindikiro chakuti pamenepo ndi pamene yapeza mtendere. Izi ndimaziona kuti ndi zofunika kwambiri m'nkhani yonseyi, chifukwa tikaithamangitsa ndi ndodo kuti itsike timakhala tikuwonjezera mantha omwewo amene anaikweza.

Palinso nkhani ya m'kamwa. Ng'ombe ndi nkhosa zimadya zitazolika. Mbuzi ikapatsidwa ufulu imasankha masamba, nsonga za nthambi ndi zipatso za mitengo monga nyemba za msangu ndi mthethe. Mlomo wake wam'mwamba umasuntha mwaluso, umatola tsamba limodzilimodzi pakati pa minga, ndipo imatha kuima ndi miyendo yam'mbuyo yokha kwa kanthawi ndithu. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene udzu wonse wauma, chobiriwira chimene chatsala chimakhala m'mwamba, ndipo kawirikawiri ndi nthambi ya mango kapena ya mabulosi ya aneba imene yalendewera pakhoma lanu. Ku New Zealand ofufuza anayesa kupatsa mbuzi zamkaka chakudya chofanana m'modyera mosiyana kutalika, ndipo mu 2018 analemba kuti mbuzizo zinadya kwambiri m'modyera mokwezeka, momwe zinkafunika kukweza miyendo yakutsogolo kuti zifikire. Chakudya chinali chimodzimodzi, chimene chinasiyana chinali kaimidwe basi.

Ku Morocco, kum'mwera chakumadzulo, mbuzi zimakwera mitengo ya argan kutsata zipatso zake, mpaka kufika m'nthambi zam'mwamba. Zithunzi zina za m'mphepete mwa msewu zimene zimazungulira pa mafoni ndi zokonzedwa, anthu amaziika mbuzizo m'mitengo kuti alendo alipire pojambula, koma khalidwe lenilenilo liripo ndipo ndi lakale. Ku Italy nako, pa damu la Cingino, mbuzi zakuthengo za mtundu wa ibex zimakwera khoma la damulo, lotalika pafupifupi mamita 50 komanso lotsetsereka kwambiri, kukanyambita mchere umene umatuluka m'miyala yake. Mbuzi yanu ikamanyambita pulasitala kapena simenti ya khoma, muiikire mchere wonyambita wa ziweto pamalo osanyowa. Muonetsetsenso kuti sikufikira penti yakale yomatuka kapena mabatire a galimoto otayidwa, chifukwa mtovu umene umakhalamo umapha.

Chifukwa china chimaonekera bwino m'dzinja, ndipo kwa ife a ku Lusaka ndicho chokhudza thumba. Mbuzi imadana ndi kunyowa. Ubweya wake ndi wochepa, ilibe mafuta ambiri pansi pa chikopa, ndipo mvula ikangoyamba kuwaza imathamangira pakhonde pamene ng'ombe ikupitiriza kudya. Madera ambiri a mzinda uno, monga Kanyama, madzi sachedwa kudikha mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale. Mbuzi imene ili m'khola lamatope idzakwera chilichonse chouma chimene chilipo, ngakhale chitakhala chivindikiro cha dilamu. Pamenepa ikudziteteza ku matenda awiri amene amasautsa kwambiri oweta.

Oyamba ndi kuola kwa ziboda. Chiboda chikakhala m'matope osakanikirana ndi ndowe kwa masiku ambiri chimafewa, tizilombo timalowa pakati pa zala, mbuzi iyamba kutsimphina, ndipo ukanunkhiza phazilo limanunkha moipa. Zikafika poipa imadya itagwada ndi mawondo akutsogolo. Achiwiri ndi njoka zam'mimba, makamaka ija yoyamwa magazi yotchedwa Haemonchus contortus. Mazira ake amatuluka ndi ndowe, amaswa pansi ponyowa, ndipo timphutsi take timakwera udzu ndi chinyezi, tambiri timathera m'munsimunsi, osapitirira masentimita 10 kuchokera pansi. Nyama imene imadya masamba a m'mwamba sikumana nato kwambiri. Popeza makolo a mbuzi ankadya m'mwamba, thupi lake silinaphunzire kulimbana ndi njokazi bwino ngati la nkhosa. Tikaikakamiza kudya udzu waufupi wonyowa pamalo amodzimodzi, imayamba kuyera m'maso, kutupa pansi pa chibwano ndi kuonda. Njira yoonera ndi kutsitsa chikope cham'munsi: mkati mukakhala mofiira bwino magazi alipo, mukakhala motuwa kapena moyera mbuziyo ikufunika thandizo la alangizi a ziweto msanga. Sindikunena kuti mbuzi imadziwa za njoka. Ndikunena kuti chizolowezi chake chokonda pouma ndi pokwera n'chimene chinkaiteteza, ndipo ife tikachiletsa timalipira pogula mankhwala.

M'nyengo yozizira zinthu zimatembenuka pang'ono. Mu Juni ndi Julayi dzuwa la m'mawa limayamba kufika pamwamba pa khoma ndi padenga pomwe pabwalo pakadali mthunzi, ndipo madzulo mabuloko amasunga kutentha kwa tsikulo. Mbuzi imatsata kutentha kumeneko. Mu Okutobala masana simudzaipeza pamalata otentha, koma ikhoza kukhala pachulu pansi pa mtengo pamene pakupita kamphepo.

Mbuzi zilinso ndi maudindo pakati pawo. M'gulu lililonse muli yaikazi imene zinzake zimaipatsa njira, kawirikawiri yaikulu msinkhu ndiponso ya nyanga zabwino, ndipo pansi pake zina zonse zimadziwa malo awo. Zikamalimbana zimaima ndi miyendo yam'mbuyo n'kugwetsa mutu pa inzake, motero imene yaima pokwera yayamba kale ndi mwayi. Malo abwino okwezeka amatengedwa ndi yamphamvu. Koma kukwera kumathandizanso yofooka. M'khola lathyathyathya lopanda pobisala, mbuzi yonyozeka ikagundidwa ilibe kolowera, imangozungulira m'makona. Ofufuza a ku Switzerland anapeza kuti kuika nsanja ndi zotchinga m'khola kumachepetsa kusokonezana pa nthawi yodya ndi yopuma, chifukwa mbuzi zimatha kupatukana ina m'mwamba ina pansi. Choncho mukaona mbuzi imodzi yokha, yowonda, ikukwera khoma nthawi imene zinzake zikudya, muyang'ane modyera. Mwina ikuthawa nyanga. Izi zimachitika kwambiri ndi mbuzi yachilendo imene mwangoigula, mwachitsanzo ku msika wa ziweto wa ku Chibolya, n'kuiponya m'gulu limene linazolowerana kale.

Nanga zokwera pamsana pa nyama zina? Pano tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimaoneka mofanana kwa munthu woona patali. Tonde akamafuna yaikazi amabwera chakumbuyo, amainunkhiza, amaikanda ndi mwendo wakutsogolo, kenako amakweza miyendo yakutsogolo yokha, yam'mbuyo ili pansi. Zazikazi nazo zimachita zimenezi kwa zinzake ikakhala kuti ina ili pa nyengo yofuna tonde, imene imabwera pafupifupi masiku 21 alionse n'kukhala tsiku limodzi kapena awiri. Mudzaona ikugwedeza mchira kwambiri ndi kulira kosalekeza. Imeneyo ndi nkhani ya kubereka, ndipo woweta wanzeru amalemba tsikulo n'kuwerenga masiku pafupifupi 150 kutsogolo.

Kuima pamsana ndi miyendo yonse inayi ndi nkhani ina, ndipo kawirikawiri ochita zimenezi ndi ana. Kamwana ka mbuzi kamaima pasanathe ola limodzi kabadwire. Masiku oyamba kamakonda kubisala pakona n'kumagona, koma pakatha sabata imodzi kapena awiri kamayamba kudumphadumpha, kukhotetsa thupi m'malere, kuthamanga n'kubwerera. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma kwa kamwana kukondwa kumeneku ndi sukulu. Kakuphunzira kuyeza mtunda, kutera bwino, ndi kudziwongola phazi likaterereka, zinthu zimene kwa makolo ake a m'mapiri zinali kusiyana kwa moyo ndi imfa. Chinthu chokwezeka choyamba chimene kamakumana nacho ndi mayi wake atagona. Msana wa mayi ndi wofunda, suterera, ndipo umasuntha pang'ono akamapuma, motero ndi malo abwino kwambiri ophunzirirapo kuima. Timapasa timakankhana pamenepo, kamodzi kagwa, kakweranso.

Kuchoka pa mayi, kamwanako kamapita pa chilichonse chogona: ng'ombe, bulu, nkhumba, nkhosa, ngakhale munthu amene wawerama akuchapa. Ng'ombe imalola chifukwa kulemera kwake ndi makilogalamu mazana angapo, pomwe kamwana ka masabata awiri mwina sikafika makilogalamu asanu, ndipo ng'ombe ikagona n'kuyamba kubzikula safuna kudzuka chifukwa cha chinthu chopepuka chotero. Nthawi zina mbuzi yaikulu imaponda msana wa ng'ombe kapena bulu woimirira pansi pa mtengo kuti ifikire masamba. Pamenepo nyamayo yangosanduka popondera.

Apa pali malire amene ndikufuna kuti oweta awasamale. Bulu si wopirira ngati ng'ombe. Abulu ena amaluma kapena kuponda tiana ta mbuzi, makamaka timene sanatizolowere. Nkhumba yaikulu yanjala ikhoza kupha kamwana kobadwa kumene, choncho musazisunge pamodzi. Mbuzi yaikulu isamaime pa kamwana ka ng'ombe. Ndipo ana a pakhomo akamasewera ndi kamwana ka mbuzi n'kumakalola kuwakwera pamsana, adziwe kuti kadzachitabe zomwezo katafika makilogalamu 30, kali ndi nyanga ndi ziboda zakuthwa, ndipo pamenepo mwana wamng'ono akhoza kuvulala.

Tsopano titenge bwalo limodzi la mtundu umene ndi wofala m'mapuloti a m'mbali mwa mzinda, tione momwe mbuzi imafikira padenga. Tinene kuti pali mbuzi zachikuda zisanu ndi imodzi. Mpanda ndi wa mizere khumi ya mabuloko, ndipo popeza mzere uliwonse ndi pafupifupi masentimita 20, khomalo ndi la mamita awiri. Khola la nkhuku lamangidwa motsamira khomalo, denga lake la malata lili pamwamba pang'ono pa mzere womaliza. Mwini bwalo akudabwa kuti mbuzi ikudumpha bwanji mamita awiri. Yankho ndi lakuti sikudumpha mamita awiri. Mbuzi yachikuda yathanzi ikhoza kukwera pa chinthu chotalika mita imodzi mosavuta, ndipo n'chifukwa chake alangizi amanena kuti mpanda wa mbuzi usachepere mita imodzi ndi masentimita 20. Kupitirira apo imafuna popondera.

Ndiye muyende m'mphepete mwa khoma lonse mukufunafuna popondera pameneo. M'bwalo lathuli, pakona pali dilamu la malita 210, lotalika pafupifupi masentimita 90, ndipo pambali pake pali mabuloko otsala pomanga, ounjikidwa mizere isanu ndi umodzi, kutanthauza mita imodzi ndi masentimita 20. Njira yake ndi imeneyo: kuchoka pansi kupita padilamu masentimita 90, padilamu kupita pamabuloko masentimita 30, pamabuloko kupita pakhoma masentimita 80, kenako ingoyenda pakhoma mpaka padenga. Palibe sitepe ngakhale imodzi yofika mita. Umboni sumasowa: timibulu ta ndowe pachivindikiro cha dilamu, matope a ziboda pamabuloko, ubweya wokodwa pakona ya lata. Muyang'anenso mizere ya simenti yotumphuka pakhoma ndi mapulanga opingasa a geti, chifukwa mbuzi yothamanga imatha kuponda pamenepo kamodzi n'kudzikankhira m'mwamba. Pakona pamene makoma awiri akumana ndi posavuta kwambiri, imaponda khoma lina n'kugwera pa linzake.

Mukapeza njira, mufunse chifukwa, ndipo nthawi ndi imene imayankha. Ngati zikukwera zonse m'mawa wa mu Juni n'kugona, zikufuna dzuwa. Ngati zikukwera mvula itagwa, khola ndi lonyowa. Ngati zikulunjika mbali imodzi ya khoma khosi lili tambalala, kuli nthambi. Muione nthambiyo kuti ndi ya mtengo wanji, chifukwa masamba a kotapela ndi poizoni kwa mbuzi, makamaka yoyamwitsa, amatupitsa bere ndipo akachuluka amawononga mtima. Lantana, chitsamba chija cha timaluwa tamitundumitundu chimene chimamera m'mipanda, nachonso chimawononga chiwindi. Ngati wokwera ndi tonde yekha, akulira ndi kununkhiza mphepo, kunja kuli yaikazi imene ikumufuna, ndipo ameneyo saimira pakhoma, amatsikira kunja. Ngati ndi ana okhaokha, ndi masewera.

Kukonza kwake kumayamba ndi kusuntha dilamu ndi mabuloko kuti zikhale mamita awiri kapena kuposerapo kuchoka pakhoma. Koma mukalekera pomwepo mwachotsa njira n'kusiya chifukwa, ndipo mbuzi idzafuna njira ina, mwina yoopsa kuposa yoyamba. Mabuloko omwewo muwaunjike pakati pa bwalo, molimba kuti asagwedere, mupange nsanja ya masitepe awiri, ina ya theka la mita ina ya mita imodzi. Ikhale pamalo ofika dzuwa la m'mawa, ndipo ngati n'kotheka pamalo pamene mbuzi ingaone kunja kudzera pageti. Ikhale yotakata kapena mupange ziwiri, chifukwa kansanja kokwana mbuzi imodzi kamangokhala ka yamphamvu ija, zina zonse n'kubwerera kukhoma. Pakhalenso potsikira mbali ziwiri kuti yofooka isatsekerezedwe. Simenti yokhakhalayo ili ndi phindu lina: imapala ziboda. Chiboda chimakula nthawi zonse, ndipo pa dothi lofewa chimatalika n'kupindikira pansi, kusunga matope, mpaka mwini achite kuchidula ndi mpeni.

Masamba a lukina, mabulosi kapena zotsala za m'dimba muzizimanga mtolo n'kupachika pamsinkhu wa mutu wa mbuzi kapena kupitirira pang'ono. Zimadya bwino, siziponda chakudya, ndipo chakudyacho sichikhudzana ndi ndowe. Pogona pake, khola la m'mwamba limene alangizi amalimbikitsa kuno ndi ku Malawi ndi yankho limene likugwirizana ndi chibadwa cha mbuzi. Pansi pake pamakwezedwa pafupifupi mita imodzi, mitengo kapena mapulanga amasiyana mpata wa ngati sentimita imodzi ndi theka kuti ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usalowe, ndipo manyowa amasonkhana pansi osavuta kuwola. Mpata ukakula, miyendo ya ana imathyoka, ndipo ukachepa ndowe zimatsekamo.

Mitundu imasiyana pa nkhaniyi. Mbuzi zachikuda, zopepuka, ndi zija zamkaka zamiyendo italiitali zimakwera kwambiri. Tonde wa Boer wokhwima amatha kupitirira makilogalamu 100, sakonda kudumpha pamwamba, koma akatsamira waya kapena kukwera palata lopyapyala amaphwanya. Mbuzi yokalamba ndi ya bere lalikulu imachepetsa yokha. Koma mbuzi imene inali yokonda kukwera ikasiya mwadzidzidzi, n'kumagona pansi payokha, muigwire muione ziboda, mawondo ndi m'maso, chifukwa kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro choyamba chakuti ikudwala.

Mbuzi sigwa kawirikawiri pamalo okhakhala. Zimene zimaivulaza kuno ndi zinthu zathu. Makoma ambiri a mu Lusaka ali ndi mabotolo oswa kapena waya wa malezala pamwamba, ndipo zimenezi zimacheka pakati pa zala ndi bere. Lata lonyowa ndi mame limaterera chifukwa chiboda chilibe pokola, ndipo lata ladzimbiri limabooka mwendo n'kulowa. Matailosi a pakhonde nawonso ndi oterera kwa mbuzi kuposa thanthwe lililonse. Choopsa koposa ndi chingwe. Mbuzi yomangidwa m'khosi pafupi ndi khoma, dilamu kapena mtengo wa nthambi zam'munsi imakwera, n'kudumphira mbali ina, chingwe n'kuchepa, ndipo imafa yolendewera m'mphindi zochepa, mwini ali m'nyumba. Ngati mukuyenera kumanga mbuzi, yezani chingwecho kuzungulira chikhomo chonse ndipo muonetsetse kuti palibe chokwera chilichonse, ngakhale mpanda waufupi, chimene ingachifikire. Mfundo ya m'khosi ikhale yosathina ikakokedwa, ndipo pakati pa chingwe ndi khosi pazilowa zala ziwiri.